Kusunga filimu ya makatuni ya miyezi 8 mu Blender: .blend1, Google Drive, Git, Subversion kapena restic?

Blender ikatsekeka yokha muli pakati pa ntchito, mumataya mphindi zochepa, mumadandaula, kenako mumapitiriza. Ngozi imene imagwetsa filimu ndi ina, yosachita phokoso: chinthu chimafufutika Lachiwiri, fayilo ikutsegukabe bwinobwino, inu mukusunga tsiku ndi tsiku osadziwa kanthu, ndipo mumadzazindikira patapita masabata 5 pamene mwatsegula shoti imene imafuna chinthucho. Njira zosungira ntchito zimene anthu amakangana nazo zimasiyana kwambiri pa funso limodzi ili: kodi ndingabwerere m'mbuyo mpaka liti, ndipo ndikabwerera, ndipeza fayilo imodzi yokha kapena filimu yonse monga inalili tsikulo?

Kuti tisalankhule m'malere, tiyeni titenge ntchito imodzi yongoyerekezera n'kuyesera njira zonse pa iyo. Ndi filimu ya mphindi 5, mafulemu 24 pa sekondi, kutanthauza mafulemu 7,200. Yagawidwa mashoti 40, ndipo fayilo ya shoti iliyonse ndi pafupifupi 60 MB. Munthu wamkulu wa m'nkhaniyi, mbusa wa ng'ombe, ali m'fayilo yakeyake, `anthu/mbusa.blend`, ndipo mashoti onse amamutenga kumeneko kudzera pa `File > Link`. Mukaphatikiza mashoti, anthu, malo, zithunzi zokuta zinthu ndi mawu, zonse zimene manja anu apanga zikukwana 7 GB. Kurenda filimu yonse kamodzi ngati zithunzi za PNG za 3 MB chilichonse kukutulutsa 21.6 GB. Manambala awiri awa, 7 GB ndi 21.6 GB, muwasunge m'mutu, chifukwa ndi amene adzagamule njira zingapo.

Ngozi yathu yoyesera ndi iyi. Mu `mbusa.blend` muli `Action` ya kathamangidwe ka mbusa, imene inakutengerani masiku angapo kuti mapazi asamaterereke. Tsiku lina mukukonza rigi, mafupa oyendetsera thupi la mbusa, mwachotsa `Action` ija pa mafupawo kuti muone bwino kaimidwe ka thupi. Sinali ndi `Fake User`, kachishango kaja sikanali kodina. Blender sisunga zinthu zimene palibe chikuzigwiritsa ntchito m'fayilomo, ndipo siwerengera zoti fayilo ina ya shoti imazidalira. Mwasunga, mwatseka, kathamangidwe kapita. Shoti yokhayo imene mbusa amathamanga ndi ya nambala 31, ndipo simuitsegulanso mpaka masabata 5 atadutsa.

Zimene Blender imachita yokha

Blender ili ndi maukonde atatu, ndipo onse ndi aafupi. Woyamba ndi `.blend1`: mukadina Ctrl+S, fayilo yakale imasinthidwa dzina kukhala `.blend1`, yatsopano n'kutenga malo ake. Mu `Preferences > Save & Load` mungakweze `Save Versions` kuchoka pa 1 mpaka 32. Wachiwiri ndi `Auto Save`, imene imalemba kope mphindi 2 zilizonse m'foda ya zosakhalitsa, ndipo mumalipeza pa `File > Recover > Auto Save`. Wachitatu ndi `quit.blend`, imene imalembedwa mukamatseka pulogalamu, n'kumabwezedwa ndi `Recover > Last Session`.

Pa magetsi ozima mwadzidzidzi, maukondewa amagwira ntchito, ndipo Blender inachenjeranso pena: posunga imayamba yalemba fayilo yongoyembekezera yokhala ndi chizindikiro cha `@` kumapeto kwa dzina, ikamaliza m'pamene imasintha maina. Choncho magetsi akazima pakati pa kusunga, kawirikawiri fayilo yanu yakale imakhala ilipobe, pambali pake pali `mbusa.blend@` yosatha. Chofunika kusintha ndi foda ya zosakhalitsa. Pa makompyuta ambiri a Linux, `/tmp` imasesedwa kompyuta ikayakanso, ndiye kuti kope la `Auto Save` limafufutika pa nthawi yeniyeni imene mukulifuna. Pitani ku `Preferences > File Paths > Temporary Files` muike foda yanuyanu.

Koma pa ngozi ya kathamangidwe ka mbusa, apa palibe thandizo. Munthu wosamala amadina Ctrl+S kangapo pa ola. Ngakhale mutaika 32, mbiri yonseyo itha mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri ogwira fayiloyo. Ndipo zonsezi zili pa diski imodzimodziyo: laputopu ikabedwa, zapita limodzi.

Mafayilo a manambala

Ambirife tinayambira apa: `shoti31_v001.blend`, `shoti31_v002.blend`, mpaka kutsogolo. Mitundu yatsopano ya Blender ili ndi `File > Save Incremental`, imene imakweza nambala yokha. Njirayi ndimaikonda pa mafayilo a mashoti, chifukwa palibe fayilo ina imene imawadalira, ndipo mbiri yake mumaiona ndi maso m'foda popanda pulogalamu iliyonse.

Pa mafayilo olumikizidwa m'pamene imaluma. Mashoti 40 akuloza ku `//../anthu/mbusa_v012.blend`. Mukasunga `mbusa_v013.blend`, mashoti onsewo akuonabe mbusa wakale, ndipo palibe chenjezo lililonse, chifukwa fayilo ya v012 ikadalipo. Mumadzadabwa porenda kuti chipewa chimene munakonza sabata yatha sichikuoneka. Mukafufuta v012 kuti mupeze malo, mashoti amatseguka opanda munthu. Palinso msampha wina wochepa: zimene mwaphikiratu, kutanthauza kuwerengetseratu kayendedwe ka nsalu kapena tinthu touluka, mukazisunga pa diski, zimalowa m'foda yotchedwa `blendcache_` kutsatiridwa ndi dzina la fayilo. Dzina la fayilo likasintha, Blender imakayang'ana foda ya dzina latsopano, ndipo chofunda cha mbusa chimafuna kuphikidwanso.

Kuthana nazo n'kosavuta koma kumafuna mwambo: fayilo imene ena amalozako ikhale ndi dzina losasintha, `mbusa.blend`, ndipo makope a manambala azikhala pansi pake m'kafoda ka `zakale`. Ngati munali ndi mwambo umenewu, kathamangidwe kabwerera m'mphindi zochepa. Mumatsegula `mbusa.blend`, kupita ku `File > Append`, kulowa m'kope la masabata 6 apitawo, kusankha foda ya `Action`, n'kutenga chokhacho chimene chinatayika, kenako kudina kachishango. Simubweza fayilo yonse, chifukwa mukatero mutaya zonse zimene mwakonza pa rigi m'masabata 5 amenewa. Vuto la njirayi n'lakuti imadalira kukumbukira kwanu, ndipo masiku amene munthu amaiwala kupanga kope ndi omwewo amene ali pa liwiro ndipo akulakwitsa zinthu.

Google Drive ndi Dropbox

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagona tulo tabwino popanda chifukwa chokwanira. Ntchito ya mapulogalamu awa ndi kufananiza: chimene chili pa kompyuta yanu chikhalenso chomwecho pa intaneti. Fayilo ikawonongeka pa kompyuta, yowonongekayo imakwera n'kukalowa m'malo mwa yabwino. Mukafufuta foda molakwitsa, imafufutikanso uko. Chimene chimakupulumutsani si kufananizako, koma mbiri ya makope imene kampani imasunga pambali, ndipo mbiriyo ili ndi malire.

Google Drive imasunga makope akale a fayilo ngati `.blend` kwa masiku 30, kapena mpaka makope atsopano atakwana 100, pokhapokha mutasankha `Keep forever` pa kope linalake. Zotayidwa m'bini zimachotsedwa pakatha masiku 30. Dropbox nayo pa mapulani ake otsika imasunga mbiri ya masiku 30. Tsopano werengani: ngozi yathu yadziwika patapita masabata 5, amene ndi masiku 35. Mwachedwa ndi masiku 5. Ndipo malire a makope 100 amafika msanga kuposa mmene mungaganizire: fayilo imene mukuisunga ka 30 pa tsiku imawakwanitsa pa tsiku lachinayi.

Ndiye pali nkhani ya bandulo. Fayilo ya 60 MB yosungidwa ka 30 ingakweze mpaka 1.8 GB pa tsiku limodzi, osawerengera `.blend1` imene nayonso ikusintha nthawi iliyonse. Mapulogalamu ena amayesa kutumiza zigawo zosintha zokha, koma mu fayilo ya Blender, makamaka yopanikizidwa ndi `Compress`, kusintha pang'ono kumasuntha mbali yaikulu ya zamkati, ndiye musamayembekezere kupulumutsa zambiri. Kwa munthu wa ku Zomba kapena ku Chipata amene akugula intaneti pa foni, zimenezi zimathera poti amaimitsa kufananiza "kaye", ndipo "kaye" uja amakhala mwezi wathunthu. Malo nawo ndi ochepa: Google imapereka 15 GB yaulere yogawana ndi Gmail ndi zithunzi, Dropbox 2 GB. Ntchito yathu ya 7 GB ikwana pa Google Drive, koma renda imodzi ya 21.6 GB sikwana.

Mukakhala awiri zimavuta kwambiri. Wina watsegula `mbusa.blend` ku Lilongwe, wina ku Joni, onse asunga. Dropbox imapanga fayilo yachiwiri yolembedwa `conflicted copy`, ndipo palibe njira yosakanizira mafayilo awiri a `.blend` kukhala imodzi. Wina ayenera kubwereza ntchito yake pamanja. Komanso ngakhale mbiri ilipo, nthawi zambiri mumabweza fayilo imodziimodzi. Kubweza filimu yonse monga inalili pa 3 Meyi, mashoti ndi rigi ndi zithunzi zonse zogwirizana, si ntchito imene Google Drive inapangidwira.

Sindikunena kuti musaigwiritse ntchito. Pa ngozi ya laputopu yobedwa kapena nyumba yopsa, kope lokhala kutali ndi limene limapulumutsa. Koma musagwirire ntchito mkati mwa foda yofananizidwa. Gwirirani kwina, ndipo kumeneko muzitumizako chinthu chotsekedwa kale, monga zipu yokhala ndi deti m'dzina lake, imene sidzasinthidwanso.

Diski yakunja yokopera

Kukopera pa diski yakunja kuli ndi matenda omwewo ngati mukugwiritsa ntchito `robocopy /MIR` kapena `rsync --delete`. Malamulo awiriwa amachititsa diski yakunja kufanana ndendende ndi kompyuta, ndiye `mbusa.blend` yopanda kathamangidwe inaphimba yabwino madzulo a tsiku lomwelo. FreeFileSync ili ndi mankhwala ake: m'malo mosiya kuti mafayilo ophimbidwa atayike, sankhani `Versioning`, ndipo aliyense wophimbidwa kapena wofufutidwa amasamutsidwira m'foda ina ndi deti lake. Ubwino wake waukulu ndi woti zimene zili pa diskiyo ndi mafayilo wamba. Mungawatsegule pa kompyuta iliyonse popanda chinsinsi kapena lamulo. Kuipa kwake ndi malo, popeza kope lililonse ndi lathunthu. Ngati mukusintha mashoti 3 pa tsiku, ndi 180 MB, ndipo pa masiku 170 ogwira ntchito ndi pafupifupi 30 GB. Pa diski ya 1 TB zimenezo si nkhani.

Muyang'ane mtundu wa diski musanayambe. Mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32, imene sivomera fayilo yoposa 4 GB, ndipo zipu ya ntchito yathu ya 7 GB idzakanika pakati. Fulashi ndi yonyamulira zinthu, si nkhokwe.

Git

Anthu odziwa kulemba mapulogalamu amafulumira kunena kuti "ikani mu Git". Pa mbali imodzi akunena zoona: Git imajambula ntchito yonse pamodzi, ndi uthenga wofotokoza chimene chasintha, ndipo mbiri yake siitha pakadutsa masiku 30. Koma inapangidwira malemba, amene imatha kuwayerekeza mzere ndi mzere n'kuwasakaniza. Pa `.blend` luso lonselo ndi lachabe, ndipo chotsala ndi katundu: aliyense wotenga nkhokweyo amatenga mbiri yonse. GitHub, malo a pa intaneti osungira nkhokwe za Git, imachenjeza pa fayilo yoposa 50 MB ndipo imakana yoposa 100 MB, ndiye shoti yathu ya 60 MB yayamba kale kudandaulitsa.

Yankho lake ndi Git LFS, imene imaika mafayilo aakulu pa seva yapadera n'kusiya kalozera kakang'ono mu Git.

```
git lfs install
git lfs track "*.blend" --lockable
git lfs lock anthu/mbusa.blend
```

Izi zimagwira ntchito, ndipo loko imaletsa anthu awiri kugwira fayilo imodzi. Koma LFS imasunga kope lathunthu la fayilo nthawi iliyonse, sisunga kusiyana kokha. Ma 30 GB aja a miyezi 8 tsopano ayenera kukwera pa intaneti ndi kukhala pa seva imene ikadzaza malire aulere mudzalipira. Cholakwika chofala ndi kuiwala `git lfs track` mafayilo asanalowe koyamba. Akalowa mu mbiri ya Git yeniyeni, kuwachotsamo n'kulembanso mbiri yonse. Maganizo anga ndi oti Git ndi yabwino ngati mumaidziwa kale ndipo ntchito yanu ili ndi malemba ambiri a Python ndi mafayilo aang'ono. Ngati mukufuna kuiphunzira chifukwa cha filimu yokha, nthawi imeneyo ndi bwino ipite kwina.

Subversion

Ndi yakale, sikutchuka masiku ano, koma Blender Studio ya ku Amsterdam yakhala ikusungira mafayilo a mafilimu ake mu Subversion kwa zaka zambiri, ndipo chifukwa chake chimamveka. Nkhokwe ndi imodzi, pa seva kapena pa diski ina. Inu mumatenga mafayilo a lero okha, osati mbiri yonse, ndipo mungatenge foda imodzi yokha: wopanga mawu safunika kukoka mashoti 40. Nthawi iliyonse mukapereka ntchito, filimu yonse imalandira nambala imodzi, r211, r212, choncho "filimu monga inalili pa r212" ndi chinthu chenicheni chimene mungachibweze. Imayesanso kusunga kusiyana kokha pakati pa makope a fayilo, ngakhale pa `.blend` phindu lake limasinthasintha. Limakhalapo kwambiri mukachotsa `Compress`.

Chimene chimaipambanitsa pa gulu ndi loko. Mukaika `svn:needs-lock`, fayilo imakhala yongowerenga kwa aliyense mpaka wina ataitenga, ndipo winayo akayesa kuitenga amauzidwa amene ali nayo.

```
svn propset svn:needs-lock yes anthu/mbusa.blend
svn lock anthu/mbusa.blend
svn commit -m "rigi: zala za dzanja lamanzere"
svn log anthu/mbusa.blend
svn export -r 212 anthu/mbusa.blend anthu/mbusa_r212.blend
```

Mizere iwiri yomalizayo ndiyo yankho la ngozi yathu. `svn log` ikuonetsani masiku onse amene fayilo ya mbusa inasintha, ndi uthenga wake. Mukuona kuti pa r213 munalemba za rigi, ndiye mukutulutsa r212 pambali ndi dzina lina, n'kutenga kathamangidwe ndi `Append`. Apa m'pamene uthenga wabwino umalipira: "zosintha" sakuuzani kanthu pakadutsa masabata 5. Pa Windows, TortoiseSVN imachita zonsezi podina kumanja kwa mbewa, ndipo wojambula amene safuna kuona zenera lakuda angathe kuigwiritsa ntchito.

Mtengo wake ulipo. Subversion imasunga kope lachiwiri la fayilo iliyonse m'foda yobisika ya `.svn`, ndiye 7 GB imadya pafupifupi 14 GB pa kompyuta yanu. Kusintha dzina kapena kusuntha fayilo kuyenera kudutsa mwa iyo, apo ayi imaona ngati fayilo yasowa ndipo kwabwera yachilendo. Popanda kufikira seva simungapereke ntchito, chinthu chimene chimapweteka ngati seva ili kutali ndipo netiweki yagwa. Ndipo nkhokweyo ndi malo amodzi: diski yake ikafa, mbiri yonse yafa. Iyenera kukoperedwa ndi `svnadmin hotcopy` kupita ku diski ina. Anthu amaiwala zimenezi chifukwa akangoona manambala a r akukwera, mtima umakhala m'malo.

restic

Iyi si pulogalamu yogwirira ntchito limodzi. Ndi yosungira basi, ndipo kwa munthu wogwira yekha ndi imene ndingasankhe. Imajambula foda yonse monga ilili, imadula mafayilo m'zidutswa potengera zamkati, ndipo chidutswa chimene ilinacho kale sichisungidwanso. Zithunzi ndi mawu amene sanasinthe kuyambira Malichi zimasungidwa kamodzi, ngakhale zikuoneka m'zojambula 200. Mukasintha dzina la foda, palibe chimene chimakoperedwanso.

```
restic -r E:\nkhokwe init
restic -r E:\nkhokwe backup D:\filimu --exclude "*.blend1" --exclude renda
restic -r E:\nkhokwe snapshots
restic -r E:\nkhokwe forget --keep-daily 14 --keep-weekly 12 --keep-monthly 12 --prune
```

Mzere womalizawo ndi umene mukuuza mbiri kutalika kwake, inuyo, osati kampani. Ukusunga kope limodzi pa tsiku kwa masiku 14 omaliza, limodzi pa sabata kwa masabata 12, ndi limodzi pa mwezi kwa miyezi 12. Pa ngozi yathu makope a tsiku ndi tsiku a nthawi imeneyo anapita kale, koma la sabata lachisanu ndi chimodzi kubwerera m'mbuyo lilipo, ndipo kathamangidwe kali momwemo. Mumalitulutsa ndi `restic restore`, kupereka nambala ya chojambulacho, `--include mbusa.blend` ndi `--target` yoloza ku foda yatsopano. Musabwezere pamwamba pa ntchito ya lero.

Poiyerekeza ndi Subversion, restic ilibe loko ndipo simakufunsani uthenga, ndiye posaka tsiku limene chinthu chinatayika mumachita kuyesa makope angapo. Chimene imapambana nacho ndi choti sidikira kuti mukumbukire: mumaiika pa `Task Scheduler` kapena `cron` kuti izithamanga yokha madzulo aliwonse, ndipo imatenga chilichonse chili m'foda, ngakhale fayilo imene mu Subversion mukanaiwala kuiwonjezera. Ingathenso kulemba ku seva yakutali, ndipo ikatha kukweza 7 GB yoyamba, tsiku lililonse imatumiza zidutswa zatsopano zokha, kamodzi, osati pa Ctrl+S iliyonse. Chenjezo lake ndi limodzi lalikulu: zonse zimabisidwa ndi mawu achinsinsi, ndipo mukawaiwala palibe munthu padziko amene angakutsegulireni. Alembeni papepala, pepalalo lisakhale m'chikwama cha laputopu.

Za renda, ndi zimene zili kunja kwa foda

Mwaona kuti ndachotsa foda ya `renda` m'lamulo lija. Mafulemu si ofanana ndi mafayilo a ntchito: angapangidwenso, mtengo wake ndi nthawi ya makina. Ngati fulemu imodzi imatenga mphindi 2, mafulemu 7,200 ndi maola 240, masiku 10 usana ndi usiku magetsi osazima. Choncho si zotaya, koma safunika mbiri. Renda yomaliza ya shoti yovomerezeka ikoperedwe kamodzi pa diski yakunja, zoyesera zizifufutidwa. Ndipo muzirenda zithunzi, osati vidiyo mwachindunji. Magetsi akazima pa fulemu 140 mwa 180, fayilo ya MP4 yosatha kawirikawiri sitseguka, pamene ma PNG 139 ali bwinobwino. Mumachotsa chizindikiro pa `Overwrite` mu `Output`, ndipo Blender imadumpha amene alipo kale. Fufutani kaye fulemu yomaliza, chifukwa ingakhale yolembedwa theka.

Njira zonse zimene tayerekezazi zimasunga foda imene mwaziuza, basi. Ngati chithunzi cha udzu chili mu `Downloads` ndipo fayilo ikuloza kumeneko ndi njira yathunthu, pa kompyuta yanu zonse zikuoneka bwino, koma tsiku lobweza pa makina ena dambo lonse lidzakhala lapinki. Zonse zikhale pansi pa foda imodzi, ndipo `File > External Data > Make Paths Relative` isinthe njira kuti ziyambe ndi `//`. M'foda momwemo muikemo zipu ya Blender imene mukugwiritsa ntchito ndi zowonjezera zake. Sankhani mtundu wa LTS, umene umakonzedwa kwa zaka 2, ndipo musasinthe pakati pa filimu, chifukwa fayilo yosungidwa ndi Blender yatsopano ingataye zinthu ikatsegulidwa ndi yakale.

Ndiye ndisankhe iti?

Ngati muli nokha: `Save Versions` pa 5 kapena kuposerapo chifukwa cha zolakwika za ola lomwelo, maina osasintha pa mafayilo olumikizidwa, ndi restic usiku uliwonse ku diski yakunja. Amene sakufuna kulemba malamulo atenge FreeFileSync ndi `Versioning`. Adzadya malo ochuluka koma adzapeza chitetezo chofanana pa ngozi ya masabata 5. Madiski akhale awiri osinthana, ina ikugona kunyumba ya m'bale kapena ku ofesi, chifukwa diski imene ili pa tebulo limodzi ndi laputopu wakuba amanyamula pamodzi, ndipo imene ndi yolumikizidwa nthawi zonse, mphenzi kapena pulogalamu yoipa yotseka mafayilo imaipeza. Intaneti ikhale ya 7 GB ya ntchito ya manja yokha. Mukangokhala awiri kapena atatu ogwira mafayilo amodzi, Subversion ndiyo iyenera kukhala pakati, ndipo restic kapena `svnadmin hotcopy` izisunga nkhokwe yake. Git LFS ndingaivomere pokhapokha gulu likuidziwa kale ndipo intaneti si vuto.

Chatsala ndi kuyesa, ndipo apa mbiri ya kampani ya makatuni ya Pixar imathandiza. Mu 1998 lamulo lofufuta linathamangitsidwa molakwika pa seva ya Toy Story 2, mbali yaikulu ya mafayilo inapita, ndipo atapita ku matepi osungira anapeza kuti sanali kusunga bwino. Filimuyo inabwerera kuchokera pa kompyuta imene Galyn Susman, mmodzi wa ogwira ntchito pa filimuyo, ankagwirira ntchito kunyumba. Matepiwo ankazungulira, koma panalibe amene anali atatsimikiza kuti zimene zilimo n'zathunthu.

Kuyesa kwanu kuzikhala kwa mwezi ndi mwezi ndipo kukhale kwenikweni. Thamangitsani `restic check --read-data`, imene imawerenga chidutswa chilichonse n'kuona ngati chawonongeka. Pa Subversion lamulo lofanana nalo ndi `svnadmin verify`. Kenako bwezani ntchito yonse m'foda yatsopano, makamaka pa kompyuta ina, kapena musinthe kaye dzina la foda yeniyeni kuti mafayilo asathe kuba zinthu kumeneko mwakachetechete. Tsegulani mashoti 3, kuphatikizapo imene simunaigwire kwa nthawi yaitali, dinani `File > External Data > Report Missing Files`, ndipo murende fulemu imodzi pa shoti iliyonse n'kuiyerekeza ndi imene ili mu `renda`. Ngati mungathe, kamodzi pa mwezi tsegulani mashoti onse 40 mofulumira. Kathamangidwe ka mu shoti 31 kakanadziwika kuti kasowa mbiri yake ikadali pafupi.